Chidziwitso cha umwini pa vidiyo yanu: kawerengedwe kake, ndi komwe ndalama zikupita

Lero tikambirane za uthenga womwe umadumphitsa mtima anthu ambiri oika mavidiyo pa YouTube. Mwaika vidiyo yanu bwinobwino, pakangopita mphindi zochepa mwalandira imelo, ndipo pambali pa vidiyoyo palembedwa mawu akuti `Copyright`. Ena amafufuta vidiyo nthawi yomweyo chifukwa cha mantha. Ena amangoti bola ikuseweredwa, osadziwa kuti ndalama zake zikupita kwa wina. Ine ndikufuna kuti pomaliza pa nkhaniyi muzitha kutsegula chidziwitsocho, kuchiwerenga, n'kudziwa chochita.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Pali `Content ID claim`, ndipo pali `Copyright strike`. Choyambacho ndizichitchula kuti chidziwitso cha umwini. Chachiwiricho tingoti sitiraiki, koma osati ija yonyanyala ntchito ayi, iyi ndi chilango.

Chidziwitso cha umwini nthawi zambiri chimabwera chokha, popanda munthu amene waonera vidiyo yanu. Kuyambira mu 2007 YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID. Makampani a nyimbo, a mafilimu ndi a masewero amapereka zinthu zawo kumakinawa, ndiye vidiyo iliyonse yatsopano imayerekezedwa ndi zomwe anaperekazo. Zikafanana, ngakhale kwa kanthawi kochepa, chidziwitso chimatuluka. Chimenechi sichiika tchanelo chanu pa mlandu. Sitiraiki ndi ina: mwini wake wachita kulemba pempho lotsata lamulo loti vidiyo ichotsedwe, ndipo YouTube yaichotsa. Sitiraiki imatha pakapita masiku 90 ngati mwamaliza kaphunziro kotchedwa `Copyright School`, koma zikakwana zitatu tchanelo chikhoza kutsekedwa. Ndiye funso loyamba mukalandira uthenga ndi lakuti, kodi ichi ndi chiti mwa ziwirizi?

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mumakhala ku Leeds kapena ku Joni, munapita ku chinkhoswe cha mnzanu, mwajambula vidiyo ya mphindi 18 n'kuika pa tchanelo chanu. Pa nthawi ya perekaniperekani woseweretsa nyimbo anaika nyimbo yodziwika, ndipo ikumveka bwino kuyambira pa 6:10 mpaka pa 7:02. Masekondi 52 okha basi. Chidziwitso chafika.

Lowani mu YouTube Studio, makamaka pa kompyuta chifukwa zinthu zimaoneka zonse. Dinani `Content`, yang'anani mzere wa `Restrictions`, ndipo pomwe palembedwa `Copyright` sankhani `See details`. Mawuwa amasinthasintha pang'ono YouTube ikakonza tsamba lake, koma zomwe mukufuna kudziwa ndi zitatu zomwezo: tchanelo chakhudzidwa bwanji, ndani angaonere vidiyoyo, ndipo ndalama zikupita kuti.

Pa tchanelo, mukaona kuti sichinakhudzidwe, pumani kaye. Palibe sitiraiki. Kenako tsikani m'munsi, mupeza dzina la nyimbo, nthawi yeniyeni yomwe yapezeka, ndi dzina la amene akuti ndi mwini. Apa musadabwe mukapeza dzina la kampani yomwe simunaimvepo m'malo mwa dzina la woimba. Oimba ambiri amadutsira ku makampani ofalitsa nyimbo, monga TuneCore kapena CD Baby, ndipo ndi makampaniwo amene amaoneka pa chidziwitso. Dzina lachilendo si umboni woti pali chinyengo. Chinanso, nyimbo imodzi imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa amene anaipeka, mawu ndi mamvekedwe ake, ndiponso umwini wa chojambulidwa chenichenicho cha mu situdiyo. N'chifukwa chake masekondi 52 omwewo akhoza kubweretsa zidziwitso ziwiri, ndipo n'chifukwa chakenso mukaimba nokha nyimbo ya wina ndi gitala wanu, chidziwitso chikhoza kubwerabe. Dinani pa nthawiyo mumvetsere nokha. Kodi nyimbo yomwe aitchulayo ndi imene ikumvekadi? Makina amaphonya nthawi zina.

Tsopano za oonera. Mwini nyimbo amasankha chimodzi mwa zitatu: kuitseka vidiyo, kuisiya koma n'kumatenga ndalama za malonda, kapena kungotsatira kuti anthu angati akuonera. Chomwe chimatikhudza kwambiri ife okhala kunja ndi chakuti akhoza kusankha mosiyana dziko ndi dziko. Nyimbo yomweyo ikhoza kukhala yololedwa ku Britain koma yotsekedwa kwina, chifukwa umwini wake umagulitsidwa m'zigawozigawo. Ndiye inu mukatsegula vidiyo pa foni yanu ikusewera bwino, koma azakhali omwe munawatumizira ulalo pa WhatsApp akukuuzani kuti sikutseguka. Musathamangire kunena kuti ndi vuto la netiweki. Pitani pa chidziwitso paja, pomwe akunena za kuonekera kwa vidiyo. Ngati yatsekedwa m'maiko ena, pamakhala mndandanda wa maikowo. Onani ngati anthu anu ali m'menemo. Kutsekedwa m'dziko lomwe mulibe woonera n'kumodzi, kutsekedwa kumene kuli theka la abale anu n'kwina.

Ngati mwini wasankha kutenga ndalama, oonera aziona malonda pa vidiyo yanu, ngakhale tchanelo chanu chisanayambe kulipidwa. Kwa iwo kusintha n'komweko basi. Kwa inu ndiye nkhani ili apa. Mukakhala kuti muli mu YouTube Partner Program, pa mavidiyo aatali mumalandira 55 peresenti ya ndalama za malonda. Chidziwitso chikabwera, kawirikawiri pa mzere wa ndalama pamalembedwa `Ineligible`, kutanthauza kuti gawo lanu lija silikubweranso kwa inu. Ndipo samawerengera kuti nyimbo inangotenga masekondi 52 pa mphindi 18. Ndalama za vidiyo yonse zimatha kupita. Nthawi zina, makamaka mukaimba nokha nyimbo ya wina ndipo mwini wake analola kugawana, pamalembedwa `Sharing`, ndiye mumalandirako gawo. Ngati simunalowe mu pulogalamuyo, palibe ndalama yomwe mwataya, popeza simumalandira kale.

Kwa inu opanga Shorts, samalani ndi ichi: Short yopitirira mphindi imodzi ikakhala ndi chidziwitso cha umwini imatsekedwa padziko lonse, kaya mwini anasankha zotani. Sitiraiki simulandira, koma palibe amene aionere mpaka nkhaniyo itatha.

Nanga mutani ndi vidiyo ya chinkhoswe ija? Njira yoyamba ndi kungoisiya. Ngati munaiika kuti abale aone mwambo, sinatsekedwe kulikonse, ndipo ndalama simukuziyembekezera, palibe chovuta. Ingodziwani kuti mwini akhoza kusintha maganizo mtsogolo n'kuitseka.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa nyimboyo muli mu Studio momwemo, popanda kuika vidiyo kachiwiri. Mukhoza kudula kagawo ka 6:10 mpaka 7:02, mukhoza kuikapo nyimbo ina yochokera mu `Audio Library`, kapena kuzimitsa nyimboyo. Pozimitsa pali kusankha: kuzimitsa phokoso lonse la kagawoko, kapena kuyesa kuchotsa nyimbo yokha n'kusiya mawu a anthu. Pa phwando pomwe nyimbo, nthungululu ndi mawu a mkulu wa mwambo zasakanikirana, njira yachiwiriyi siigwira bwino nthawi zonse, choncho mvetserani musanasunge. Ubwino wake ndi wakuti ulalo, ndemanga ndi chiwerengero cha oonera zimakhala momwe zinalili, ndipo nyimbo ikachokadi chidziwitso chimachoka.

Njira yachitatu ndi `Dispute`, kutsutsa. Apa ndi pomwe ambiri amadzipweteka. Kutsutsa n'koyenera ngati muli ndi chilolezo cholembedwa, ngati nyimboyo ndi yanu, ngati makina aphonya, kapena ngati kagwiritsidwe kanu ndi kololedwa ndi lamulo, monga pounika nyimbo. Kunena kuti ndinalemba dzina la woimba m'munsi si chifukwa. Kunena kuti nyimboyo ndinaigula si chifukwa. Kunena kuti sindikupangirapo ndalama si chifukwanso. Pa vidiyo yathu ija nyimbo ndi ya eni akedi ndipo chilolezo tilibe, ndiye kutsutsa sikungatithandize.

Koma tiyerekeze kuti woimbayo ndi mnzanu, ndipo anakulemberani kuti gwiritsani ntchito nyimbo yanga. Mukatsutsa, odandaulawo ali ndi masiku 30 oti ayankhe. Akhoza kuchotsa chidziwitso, akhoza kukana, kapena akhoza kupempha kuti vidiyo ichotsedwe, zomwe zimabweretsa sitiraiki. Akangokhala chete masiku 30 n'kutha, chidziwitso chimachoka chokha. Akakana, mukhoza kuchita apilo, ndipo pamenepo ali ndi masiku 7. Koma pa apilo njira zawo zimachepa: akafuna kupitiriza, ayenera kupempha kuti vidiyo ichotsedwe. Mwaona kuti sitepe iliyonse ikukufikitsani pafupi ndi sitiraiki. Choncho musanatsutse, muimbireni mnzanuyo. Mwina umwini anaupereka ku kampani, ndipo chilolezo chake chokha sichikwanira. Nthawi zambiri chachangu n'chakuti iyeyo auze kampani yake ichotse chidziwitsocho.

Chomaliza, ndipo ichi chisungeni: masiku asanu. Ngati inu ndi odandaulawo nonse mukufuna ndalama za vidiyoyo, YouTube imazisunga pambali pomwe mkangano ukuyenda, n'kudzapereka kwa amene wapambana. Mukatsutsa pasanathe masiku 5 chidziwitso chibwerere, amasunga ndalama kuyambira tsiku loyamba. Mukachedwa, amayamba kusunga pa tsiku lomwe mwatsutsa. Chidziwitso chabwera pa 1, inu mwatsutsa pa 4, mukapambana zonse ndi zanu. Mwatsutsa pa 20, ndalama za masiku apakatiwo zapita kale. Ndipo mukudziwa nokha kuti vidiyo zambiri zimaoneredwa kwambiri sabata yoyamba.

Njira yopewera zonsezi ndi yosavuta. Poika vidiyo pamakhala gawo lotchedwa `Checks`, pomwe makina amayang'ana za umwini musanaitulutse. Iikeni kaye pa `Unlisted` kapena `Private`, dikirani amalize, werengani zomwe zatuluka, konzani, kenako muitulutse. Sizikutanthauza kuti chidziwitso sichingadzabwere patsogolo, chifukwa mwini akhoza kupereka nyimbo yake ku Content ID chaka chamawa. Koma zambiri mumazigwira musanatumize ulalo kwa anthu.

Ndiye uthenga ukadzabwera, musafufute vidiyo mwamantha. Ngati ndi sitiraiki, kufufutako sikuichotsa. Ngati ndi chidziwitso chabe, mwataya oonera ndi ndemanga pachabe. Tsegulani, onani tchanelo, onani maiko, onani ndalama, kenako onani tsiku lomwe chabwera.