Kodi mayiyu akuthokozadi? Mfundo yaikulu ndi kamvekedwe ka ndakatulo pa mayeso

(Awa ndi mawu amene mmodzi wa akuluakulu a kalabu yathu anayankhula Loweruka pokumana ndi anzathu a Fomu 4 kuno ku Milonde. Tawalemba kuti amene simunabwere muwerenge pa foni.)

Mapepala amene munandipatsa sabata yatha ndawawerenga onse, ndipo ndinene mosabisa: ndakatulo ambiri mukuimva ndithu, koma zimene mukulemba si zimene funso likufuna. Ochonga mayeso a MANEB sakudziwani, sadziwa kuti m'mutu mwanu munali nzeru, amaona zomwe zili papepala basi. Ndipo pa MSCE malikisi ochepa amene mwataya pa funso limodzi akhoza kukuchotsani pa 6 n'kukuikani pa 7, kirediti n'kupita choncho. Ndiye lero titenge mawu awiri okha amene akukugwetsani, mfundo yaikulu ndi kamvekedwe.

Sinditenga ndakatulo ya m'buku, chifukwa mukangoiona mumayamba kulakatula manotsi amene munaloweza. Ndalemba yanga yaifupi yoti tiyeserepo. Si ya mpikisano, musaseke. Mutu wake ndi "Mwatikumbuka".

Zikomo bambo a Chikondi, mwatikumbuka,
Chithunzi chanu cha ku Joni chafika pa foni ya aneba.
Jekete yakukhalani, nsapato zikuchita kuwala,
Ana achiona, akhuta, agona.

Denga munafolera lija likutionetsa nyenyezi,
Mvula ikagwa madzi sitikatunganso kutali.
Chikondi sukulu anaweruka, ali ndi nthochi pa Limbuli,
Nandolo ndakolola ndekha chaka chachitatu.

Koma usiku mpiringidzo sindiika kuchitseko,
Galu akauwa ndimadzuka kukasuzumira.

Tiyerekeze kuti funso likuti: fotokozani mfundo yaikulu ndi kamvekedwe ka ndakatuloyi, popereka umboni wochokera m'ndakatulomo. Musanagwire cholembera, werengani kawiri. Ulendo woyamba mukungofuna kudziwa kuti akuyankhula ndani, akuyankhula kwa yani, ndipo chachitika n'chiyani. Apa woyankhula ndi mayi, woyankhulidwa ndi mwamuna wake amene anapita ku South Africa. Tadziwa bwanji kuti ndi mkazi wake? Akumutchula kuti "bambo a Chikondi", monga mmene amayi athu amaitanira amuna awo, ndipo akukamba za denga ndi munda wa pakhomo pawo. Ukaphonya woyankhula, zonse zotsatira zimapotoka. Wina atati akuyankhula ndi mwana, afotokoza bwanji mzere wa mpiringidzo uja?

Tsopano mfundo yaikulu. Apa ndi pomwe ambiri mumagwera m'maenje awiri. Dzenje loyamba ndi kukopera mutu kapena kulemba liwu limodzi: "mfundo yaikulu ndi umphawi." Umphawi ulimodi, koma liwu limenelo lingakwane pa ndakatulo zambirimbiri. Silikuuza wochonga kuti mwawerenga iyiyi. Dzenje lachiwiri ndi kufotokozanso nkhani yonse: bambo anapita ku Joni, anatumiza chithunzi, denga likudontha, mwana akugulitsa nthochi. Zonsezo n'zoona, koma mwangobwereza zimene wochonga waziwerenga kale. Mfundo yaikulu ndi chimene mlakatuli akunena pa nkhaniyo. Njira imene imandithandiza ine ndi kudzifunsa mafunso awiri motsatana. Ndakatuloyi ikukamba za chiyani? Za bambo wopita kukasaka ndalama kunja. Nanga ikuti chiyani za iye? Ikuti akaiwala kwawo, mtolo wonse umagwera mkazi ndi ana, ndipo amene amalipira kwambiri ndi mwana amene wasiya sukulu. Yankho lachiwirili ndiye mfundo yaikulu, ndipo mwaona kuti latuluka chiganizo chathunthu, chokhala ndi mneni, osati liwu lokha.

Chenjezo laling'ono. Musasandutse mfundo kukhala ulaliki woti "tisamapite ku Joni." Ndakatuloyi sinanene zimenezo. Palibe mzere umene ukudzudzula ulendowo. Chimene chikudzudzulidwa ndi kutumiza chithunzi m'malo mwa thandizo. Funso likafunsa phunziro, pamenepo mukhoza kulemba zimene ife owerenga tikutolapo, komabe zichokere m'mizeremo, osati m'zimene munamva kutchalitchi.

Tibwere pa kamvekedwe, pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Kamvekedwe ndi mmene woyankhula akuionera nkhani yake kapena munthu amene akumuyankhula, monga mmene zikumvekera m'mawu amene wasankha. Inu nomwe mumadziwa kale zimenezi. Mukafika pakhomo usiku, amayi n'kunena kuti "mwabwera msangatu lero, achimwene," palibe amene amayankha kuti zikomo. Mumamva kuti zavuta. Kunyumba liwu la amayi limakuthandizani. Papepala liwu palibe, ndiye muyenera kulimva kudzera m'mawu olembedwawo.

Liwu loyamba m'ndakatulo yathu ndi "zikomo", ndipo ndikudziwa kuti theka la inu mukanalemba kuti kamvekedwe ndi kothokoza. Tiyese. Ikani mawu a mayiyu mbali imodzi, zimene zikuchitika pakhomopo mbali ina, muone ngati zikugwirizana. Akuti ana aona chithunzi "akhuta". Chithunzi chimakhutitsa? Ayi. Ndiye kuti ana agona ndi njala. Akuti denga "likutionetsa nyenyezi". Denga labwino silionetsa nyenyezi, ndiye kuti labooka. Akuti mvula ikagwa satunga madzi kutali, ngati kuti ndi mwayi, chonsecho akutanthauza kuti madzi akugwera m'nyumba. Ngakhale liwu loti "anaweruka" taliganizirani: mwana amaweruka masana n'kubwereranso mawa, koma uyu anaweruka mpaka kalekale. Malo anayi mawu akunena zabwino pomwe zochitika zili zoipa. Mukaona kusemphana kotere kukubwerezabwereza, dziwani kuti woyankhula akunyogodola. Zikomo uja ndi wa mkwiyo wobisa, wa munthu amene akudzudzula mwamuna wake mwaulemu chifukwa mwambo sumulola kumutukwana.

Koma musatuluke muno n'kumakaona kunyogodola paliponse. Ndakatulo zina zotamanda zimatamandadi. Mlakatuli akati phiri la Mulanje ndi lokongola, n'kutchula mitsinje ndi mikungudza, palibe chosemphana, ndiye kamvekedwe ndi konyadira basi. Muyeso wake ndi womwe uja: kodi pali mzere umene ukutsutsa chitamandocho? Ngati simungauloze ndi chala, musalembe kuti akunyoza.

Chinthu china chimene ambiri simuchiona ndi chakuti kamvekedwe kamasintha. Onani ndime yomaliza. Yayamba ndi "koma", ndipo liwu limeneli mukalipeza kumayambiriro kwa ndime muzilizunguliza ndi pensulo, chifukwa kawirikawiri ndi pamene ndakatulo imakhotera. M'mizere iwiri yomalizayi mulibenso nthabwala. Mayi saika mpiringidzo kuchitseko, galu akauwa amadzuka. Akudikira ndani? Yemwe uja wamunyogodola m'mizere isanu ndi itatu. Apa mawu ndi zochitika zagwirizana, ndipo kamvekedwe kasanduka kachisoni ndi kolakalaka. Wolemba kuti "konyogodola" kokha wapeza gawo lalikulu, koma wasiya mizere iwiri imene yanyamula mtima wa ndakatulo. Kusinthaku kukukhudzanso mfundo yathu ija, pakuti tsopano tikuona kuti wosiyidwayo sakusowa ndalama zokha, akusowanso munthu.

Pa mapepala anu ndinaonanso mayankho onga "kamvekedwe ndi kabwino" kapena "ndakatuloyi ikundimvetsa chisoni." Loyambalo silinena kanthu. Lachiwirilo likunena za inu, pomwe funso likufunsa za woyankhula. Inu mukhoza kumva chisoni powerenga ndime yoyamba, koma mayiyo pamenepo sakulira, akubaya. Khalani ndi mawu enieni m'thumba: kodandaula, kodzudzula, konyogodola, konyadira, kochenjeza, kopepesa, kolimbikitsa, kolakalaka. Musankhe limodzi kapena awiri amene mungawaikire umboni.

Nanga papepala zimaoneka bwanji? Ndime iliyonse ya yankho ikhale ndi zinthu zitatu: chimene mukunena, mawu ochepa a m'ndakatulo, ndi kufotokoza mmene mawuwo akutsimikizira chimene mwanenacho. Chachitatuchi ndi chimene mumathawa. Mumaponya mzere n'kudumphira pa mfundo ina, ngati kuti mzerewo udziyankhulira wokha. Imvani mmene ndingalembere ndime ya kamvekedwe:

"M'ndime ziwiri zoyambirira kamvekedwe ndi konyogodola. Woyankhula akuyamba ndi mawu oti 'zikomo', koma chimene akuthokozera ndi chithunzi chabe. Ponena kuti ana achiona 'akhuta', akutanthauza kuti agona ndi njala, pakuti chithunzi sichidyedwa. Chimodzimodzi denga limene 'likutionetsa nyenyezi' ndi denga lobooka. Motero mawu othokozawo akudzudzula bambo amene akudzisamala yekha pomwe banja lake likuvutika. Komabe m'ndime yomaliza kamvekedwe kasintha n'kukhala kolakalaka, chifukwa mayiyu saika mpiringidzo kuchitseko, kusonyeza kuti akuyembekezabe kuti mwamuna wake abwera."

Mwaona kuti sindinakopere mzere wathunthu ndi umodzi womwe. Mawu awiri kapena atatu akwanira, ndipo nthawi yotsalayo ndaithera pofotokoza. Ndime ya mfundo yaikulu imangidwe chimodzimodzi: chiganizo chija choyamba, kenako jekete ndi nsapato zowala kuziika pafupi ndi nthochi za pa Limbuli, n'kunena chimene kusiyanako kukuonetsa. Zipangizo monga chifanifani kapena chibwereza muzitchule pokhapokha ngati zikuthandiza mfundo yanu kapena funso lazifunsa. Kungondandalika mayina a zipangizo sikuyankha funso la kamvekedwe. Ndipo yang'anani malikisi amene ali pambali pa funso: la malikisi awiri silifuna tsamba lonse, la malikisi ambiri silingakhutire ndi ziganizo ziwiri. Zonsezi zimagwiranso ntchito pa ndakatulo za Chingerezi, kungoti kumeneko muyenera kusamala kwambiri ndi matanthauzo a mawu musanaweruze kuti munthu akuseka kapena akulira.

Mlongo wina pano wandifunsa kuti, nanga ngati mnzanga walemba "kodzudzula" ine ndalemba "konyogodola", wolakwa ndani? Pa ndakatulo iyi onse muli m'njira imodzi, bola umboni ukhalepo. Amene wasochera ndi wolemba "kothokoza", chifukwa mzere wachinayi wokha ukumutsutsa.

Ntchito ya Loweruka likubwerali ndi iyi. Ndime ya kamvekedwe ndakulemberani, inu mulembe ya mfundo yaikulu, mizere isapitirire khumi. Kenako mufufute ndime yomaliza ya ndakatuloyi, muiwerengenso, mudzandiuze ngati mfundo yanu ikadali yomweyo. Amene mulibe foni, pepala lili kwa mlembi wa kalabu, mukopere musanapite.