Kamawu Kotsata Mneni wa Chingerezi

Pali mawu ena a Chingerezi amene asautsa ngakhale munthu wodziwa kuwerenga bwino. Awa ndiwo aneni oyenda ndi kamawu kena pambuyo pake, monga "up", "on" kapena "off", ndipo aphunzitsi awatcha "phrasal verbs". Mneni "take" ali yekha atanthauza kutenga, koma akalandira kamawuko tanthauzo lake lisanduka.

Ambiri ayesa kuloweza aneniwa monga momwe aandalikidwa m'dikishonale, potsata alifabeti. Tsono munthu apeza "take after", ndiko kufanana ndi kholo. "Take off", ndiko kuvula. "Take over", ndiko kulandira ntchito imene mnzake anali kuigwira. Maonekedwe a mawuwa ndi amodzi, koma matanthauzo ake alibe chibale. Chifukwa chake asokonezeka m'mutu, ndipo pofika tsiku lakuti munthuyo ayankhule ndi kapitao, lilime litola mawu olakwika.

Njira yoposa ndiyo kusonkhanitsa aneni a tanthauzo lofanana, ndipo wolankhula Chinyanja ali ndi poyambira pabwino. M'Chinyanja, kudya ndi kudyeratu si chinthu chimodzi ayi: mwana akadyeratu nsima, m'mbale simutsala kanthu. Ntchito imene "-ratu" aigwira kumapeto kwa mneni, kawirikawiri Mngerezi aipatsa kamawu kakuti "up". Chotero "eat up" ndi kudyeratu, "drink up" ndi kumweratu, "fill up" ndi kudzaziratu, "dry up" ndi kuumiratu, ndipo "use up" ndi kugwiritsa ntchito chinthu kufikira chitatheratu. Aneni asanu awa ali pa masamba osiyana m'dikishonale, koma ganizo lake ndi limodzi. Munthu amene waligwira, akamva koyamba kuti "The papers were burnt up", adziwa yekha kuti mapepalawo anapseratu.

Gulu lachiwiri ndi la "on" ndi "off", mawu omveka tsiku ndi tsiku pa mgodi ndi m'nyumba. "On" anena kuti chinthu chili pathupi kapena chili kugwira ntchito. "Off" anena kuti chachotsedwa kapena chaleka. Wa pa mgodi povala chisoti ndiye "put on", povula ndiye "take off"; poyatsa nyali ndiye "switch on", pozimitsa ndiye "switch off". Aneni otere ayenera kuphunziridwa awiriawiri, monga vala ndi vula. Komabe pano pali msampha. Wina angaganize kuti "off" alingana nthawi zonse ndi "-ula" wa mu vula ndi tsekula. Sikutero ayi, pakuti kutsekula mpopi ndi "turn on", ndipo kutseka ndi "turn off". Mnyanja ayang'ana njira ya madzi ngati yatseguka. Mngerezi ayang'ana madziwo ngati ali kuyenda.

Kaphunziridwe kake ndi aka. Munthu atenge kabuku, ndipo tsamba lililonse likhale la ganizo limodzi, lolembedwa pamwamba m'Chinyanja, monga "Kutheratu". Pansi pake alembe aneni asanu kapena asanu ndi mmodzi, osapitirira, pa mlungu umodzi. Mneni aliyense akhale m'chiganizo chonena za ntchito ya mwiniyo, monga "We have used up the oil", ndipo patsidya pake alembe kuti "Mafuta tawatsiriziratu". Alembenso chiganizocho kachiwiri, dzina la chinthu litalowedwa m'malo ndi "it", pakuti apa ndipo ambiri aphunthwa. Nkololeka kunena "Switch off the lamp" kapena "Switch the lamp off", koma "it" alowa pakati basi: "Switch it off". Kunena "Switch off it" nkulakwa.

Pakutha pa mlungu adziyese. Aphimbe Chingerezi ndi dzanja, awerenge Chinyanja chokha, nanene chiganizo cha Chingerezi mokweza. Kuphimba Chinyanja kunyenga munthu, popeza kuzindikira mawu powaona nkwapafupi kuposa kuwatulutsa pakamwa. Ngati mneni abwera koma kamawu kake kakana, kapena "off" alowa m'malo mwa "up", ndiye kuti gululo silinakhazikike, ndipo tsamba latsopano liyambe ladikira.

Njira iyi ili ndi malire ake. Kamawu kamodzi kakhoza kusenza maganizo angapo: "up" wa mu "stand up" ndi "pick up" anena za kukweza, osati kutheratu, choncho afuna tsamba lakelake. Aliponso aneni ena osamasulika ndi kamawu kawo. "Put off" kawirikawiri si kuvula kapena kuzimitsa, koma kukankhira chinthu ku tsiku lina. Kuzimitsa moto ndi "put out". Otere aikidwe pamodzi ndi anzawo a nkhani imodzi, "put off" pa tsamba la nthawi, "put out" pa tsamba la moto.

Ntchito ya omvera mlungu uno ndi tsamba limodzi lokha, la "Kutheratu", ndi ziganizo zisanu zochokera ku ntchito zawo.