Kalata ya Banki Tisaibise

Amayi anzathu, makamaka inu okhala ku Joni, tikakongola ndalama zogulira nyumba, nyumbayo ndiye chikole. Koma tikalephera kubweza, banki siyingangoigulitsa. Gawo 129 la lamulo la ngongole la 2005 limati iyambe yatilembera kalata, kenako ipite kukhoti, woweruza akavomereze.

Tiyerekeze kuti ngongole ndi R400,000 ndipo tadumpha miyezi itatu ya R4,000. Tikalipira R12,000 yotsalirayo, chindapusa ndi zolipirira mlandu nyumba isanagulitsidwe, pangano limabwerera mwakale. Sitifunika kubweza ngongole yonse. Khoti lalikulu la dzikolo linatsimikiza zimenezi mu 2016, pa mlandu wa Nkata.

Choncho kalata ikafika, tisaibise kunsi kwa mphasa. Tibwere nayo kugulu, tisonkhe msanga.