Manyazi a Chilankhulo cha Eni



Kawirikawiri chimene chimachititsa Mchewa manyazi polankhula Chindebele ndicho mau ofanana ndi a kwathu, koma osiyana tanthauzo.

Ndili mphunzitsi, mkazi wanga anaona mwana wamwamuna. Pofuna kuuza anansi anga Andebele, ndinatenga mau akuti kubala, ndi kunena kuti, "Umkami ubalile." Onse anaseka, ndipo gogo wina anandifunsa kuti wawerenga buku lanji. Paja kwa iwo ukubala ndiko kuwerenga, pamene kuona mwana amati ukubeletha.

Ndinachita manyazi, koma sindinathawire ku Chingerezi. Ndinaseka nawo, ndi kufunsa kuti, "Kuthiwani ngesiNdebele?" Atandiuza, ndinabwereza mau anga onse bwino lomwe pamaso pawo: "Umkami ubelethile." Pamenepo kuseka kunasanduka mafuno abwino.

Nanunso mukaphonya, musangokhala chete. Funsani mau oyenera, ndipo muwanene mokweza nthawi yomweyo, pakuti mau amene munthu wawakonza pamaso pa anzake saiwalika msanga.

Tsalani bwino.