Katundu wa m'golosale sawerengedwa mofanana

Mawu olankhulidwa kwa eni magolosale ndi maokala a m'dera la Chitawira

Golosale yambiri imene imatsekedwa m'makwalala a Chitawira, Naperi ndi Zingwangwa sikuti imathyoledwa ndi akuba usiku umodzi. Mpamba umatha pang'onopang'ono, paketi imodzi lero, botolo limodzi mawa, mwini wake n'kudzadzidzimuka tsiku lopita kukapikula ku Limbe ataona kuti ndalama ya m'kabati sikukwanira kubwezera katundu amene wachoka pa mashelefu. Mankhwala ake ndi kuwerenga katundu, koma munthu amene watsegula m'mamawa n'kutseka usiku sangawerenge chilichonse mlungu uliwonse. Ambiri amayesa kawiri kapena katatu, kenako amaleka. Funso ndi lakuti: pa katundu yense, ndi uti woyenera kuwerengedwa kawirikawiri?

Yankho lake lidachokera kutali. Cha m'ma 1890, katswiri wa zachuma wa ku Italy, Vilfredo Pareto, adaona kuti chuma chochuluka chimakhala m'manja mwa anthu ochepa. Mu 1951, H. Ford Dickie wa ku kampani ya General Electric ku America adalemba za kugwiritsa ntchito ganizo lomweli posunga katundu: mitundu yochepa ndiyo imadya ndalama zambiri, choncho katundu agawidwe m'magulu atatu, A, B ndi C. Njirayi sifuna kompyuta. Kope, cholembera ndi malisiti a ku holoselo n'zokwanira.

Tiyerekeze golosale ya mayi wina yokhala ndi mitundu 40 ya katundu, imene imapikula katundu wa K2,000,000 pa mwezi. Mitengo ya m'chitsanzochi njongoyerekeza, aliyense aikepo yake. Mayiyu alembe mtundu uliwonse pa mzere wake, ndipo achulukitse chiwerengero chimene chimatuluka pa mwezi ndi mtengo wopikulira. Shuga amatuluka mapaketi 200, paketi iliyonse K2,500, ndiye kuti ndi K500,000. Machesi amatuluka mabokosi 300, kuposa shuga, koma pa K50 bokosi ndi K15,000 yokha. Fulasiki ndi ya K20,000, chinthu chodula koposa m'golosalemo, koma imagulidwa imodzi pa mwezi.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Maso amathamangira fulasiki chifukwa njodula, kapena machesi chifukwa amatuluka mphindi iliyonse. Koma chimene chikuyesedwa si mtengo wa chinthu chimodzi, ndiponso si kuchuluka kwa zogulitsidwa. Ndi ziwirizi pamodzi, ndiko kuti ndalama zimene zimadutsa mu mtundu umenewo.

Akatha kuchulukitsa, asanje mitunduyo kuyambira wa ndalama zambiri kutsika m'munsi, n'kumaphatikiza akamatsika. Kwa mayiyu, shuga, mafuta ophikira, buledi, sopo, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mpunga zafika K1,600,000. Mitundu isanu ndi umodzi yokha yatenga magawo 80 pa 100 a ndalama zonse. Limeneli ndilo gulu A. Mitundu 12 yotsatira, monga majarini, masamba a tiyi ndi mafuta odzola, yatenga K300,000, ndipo ndi gulu B. Mitundu 22 yotsala, momwe muli machesi ndi fulasiki ija, yagawana K100,000 yokha. Ndilo gulu C. Malire amenewa si lamulo. Kwa wina gulu A lithera pa magawo 70, ndipo palibe cholakwika. Chofunika ndi kudula pamene ndalama zagwa moonekeratu pakati pa mzere wina ndi unzake.

Tsopano ntchito yowerenga yapepuka. Gulu A liwerengedwe mlungu uliwonse, tsiku lomwelo, golosale isanatsegulidwe. Gulu B liwerengedwe kamodzi pa mwezi, ndipo poti mitundu yake ndi 12, itatu pa mlungu ikwanira. Gulu C lionedwe kamodzi pa miyezi itatu, iwiri pa mlungu. Lolemba lililonse mayiyu awerenga mitundu 11 m'malo mwa 40, ndipo sadzafunikanso kutseka golosale tsiku lathunthu.

Kuwerenga pakokha sikuulula kanthu ngati palibe choyerekeza nacho. Lolemba lapita padatsala mapaketi 30 a shuga. M'kati mwa mlungu adapikula mabelo atatu, mapaketi 60. M'kope mwalembedwa kuti agulitsidwa 52. Payenera kukhala 38, koma pa shelefu papezeka 34. Mapaketi anayi, K10,000, apita kuti? Poti padutsa masiku asanu ndi awiri okha, mutu ukadakumbukira. Mwina paketi ina idapita kunyumba tsiku limene kudabwera alendo. Mwina awiri adatengedwa pa ngongole ndi oyandikana nawo, mnyamata wogulitsa osalemba. Mwinanso belo lina lidafika long'ambika ndipo palibe adaliwerenga potsitsa. Patatha miyezi itatu palibe angayankhe mafunso otere, ndipo chimene chimatsala ndi kukayikirana. Anyamata ndi atsikana ambiri ogulitsa m'magolosale achotsedwa ntchito pa mlandu wa shuga amene adamwera tiyi ana a mwini golosale.

Mafuta ophikira amafuna diso lapadera, makamaka ngati amapikulidwa m'chigubu cha malita 20 n'kumagulitsidwa moyeza m'timapepala ndi m'timabotolo. Kuwerenga zigubu sikokwanira. Mwini wake adziwe kuti chigubu chimodzi chimayenera kutulutsa miyeso ingati, ndipo ayerekeze ndi imene yatulukadi. Ngati kusiyana kuli kochepa koma kukubwerezeka mlungu ndi mlungu, kawirikawiri vuto ndi dzanja lopyoletsa muyeso kapena basera wochuluka. Ngati kusiyana kwabwera kamodzi koma kwakukulu, ayang'ane kaye m'kope, chifukwa nthawi zambiri pamakhala lisiti kapena ngongole yosalembedwa.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo woyamba ndi machesi omwe aja. Ndalama yake njochepa, koma mayi amene wabwera kudzagula machesi ndi mchere akazisowa amapita pa okala ina, n'kukagula komweko shuga ndi buledi. Kuika chinthu m'gulu C sikutanthauza kuti chizisowa. Kumatanthauza kuti chipikulidwe chambiri nthawi imodzi, poti n'chotsika mtengo, kuti chisamadyenso nthawi. A zachipatala amalidziwa bwino vutoli. Mankhwala ena ngotsika mtengo koma akasowa munthu amafa, n'chifukwa chake osunga mankhwala amaphatikiza kusanja kwa A, B, C ndi kusanja kwina kotengera kufunika kwa mankhwalawo pa moyo wa wodwala. Mwini golosale nayenso ali ndi ufulu wokweza chinthu. Mabatire ndi makadi a mayunitsi, amene amalowa m'thumba mosavuta, akwezedwe n'kumawerengedwa pamodzi ndi gulu A ngakhale masamu atawaika m'munsi. Chimodzimodzi chambiko ndi zina zosachedwa kuwonongeka.

Malire ena ndi akuti mndandandawu umakalamba. Makope ndi zolembera zimagona m'gulu C miyezi yambiri, koma sukulu zikamatsegulira mu Seputembala zimakwera. Makandulo amatero magetsi akamazimazima. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo sidakwere mofanana: katundu wodalira zochokera kunja adathamanga kuposa wina, ndipo mndandanda wolembedwa mwezi wa Okutobala sudalinso woona pofika Disembala. Choncho masamu ochulukitsa aja abwerezedwe miyezi itatu iliyonse, ndiponso nthawi iliyonse imene mitengo ya ku holoselo yasintha kwambiri. Malisiti opikulira asatayidwe ndipo asakulungidwiremo mandasi, pakuti mitengo ndi ziwerengero zonse zofunika pa masamuwa zili m'menemo.